Ndalama zatsala pang'ono kutha koma mijigo itatu sinakonzedwe: lipoti la kwa madona tililembe bwanji?

Funso: "Ndine mlembi wa kabungwe kakang'ono kuno ku Balaka. Tinalandira thandizo la K48,000,000 loti tikonze mijigo 24 yowonongeka m'chaka chimodzi ndi kuphunzitsa makomiti ake. Gawo loyamba, K24,000,000, linali la mijigo 12 m'miyezi isanu ndi umodzi, koma takonza 9 yokha ndipo ndalama zatsala pang'ono kutheratu. Madona akufuna lipoti la zomwe zachitika, momwe ndalama zayendera ndi zomwe taphunzirapo asanatumize gawo lachiwiri. Ndakutumizirani bajeti ndi ziwerengero zathu. Ndiyambire pati? Ndikuopa kuti tikanena zoona atidulira thandizo."

Yankho: Amayi, mtima m'malo. Anthu amene amawerenga malipoti otere amadziwa kuti ntchito ya kumudzi siyenda ndendende monga inalembedwera papepala, ndipo kuperewera mijigo itatu pakokha sikumadulitsa thandizo kawirikawiri. Zomwe zimadulitsa ndi zina: ziwerengero zotsutsana m'lipoti lomwelo, kudutsa tsiku loperekera lipoti muli chete, kapena madona kudzatulukira okha chinthu chomwe inu munachidziwa koma simunanene. Ndaziona ziwerengero zanu, ndipo palibe chomwe sichingafotokozeke. Chofunika ndi chakuti magawo atatu omwe akufunsidwawo asalembedwe ngati nkhani zitatu zosiyana. Ndalama zifotokoze chifukwa chake mijigo ili 9, zotsatira zionetse chomwe ndalamazo zagula, ndipo zomwe mwaphunzira zituluke pa kusiyana kwa ziwirizo n'kukafika pa pempho lomveka bwino la miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi.

Musayambe ndi kulemba. Tulutsani kaye pangano lomwe munasainirana, bajeti yovomerezedwa ndi tebulo lija la zolinga ndi zizindikiro zake, muziwerenge ndi cholembera m'manja. Mukufuna kupeza tsiku lenileni loperekera lipoti, ngati madona ali ndi fomu yawoyawo, malire a ndalama zomwe mungapyole nazo pa mzere umodzi wa bajeti popanda chilolezo, komanso zinthu zomwe anakana kulipira. Mapangano ambiri amaika malirewo pa 10 peresenti, koma ena amawerengera pa mzere uliwonse pamene ena amawerengera pa gulu la mizere, choncho onani mawu a m'pangano lanulo. Ngati pali fomu, itsateni mutu ndi mutu ngakhale ikuoneka yobwerezabwereza, chifukwa woiwerenga amakopera ziwerengero zanu kupita mu lipoti lake la kwa mabwana ake, ndipo mukasintha dongosolo mumampatsa ntchito yofufuza. Mayina a mizere ya bajeti nawonso akhale omwe aja. Ngati bajeti inati "mafuta ndi maulendo", musalembe "mayendedwe" mu lipoti.

Gawo la ndalama limakhala kumapeto kwa lipoti, koma polikonza yambani ndi limenelo, chifukwa ndi lomwe limakuuzani nkhani yoona. Tsekani mabuku pa tsiku lomaliza la mwezi wachisanu ndi chimodzi, tengani sitetimenti ya kubanki yofika tsiku lomwelo, ndipo werengani ndalama za m'kabokosi ka muofesi pamaso pa anthu awiri, onse asaine. Kenako yankhani funso limodzi: zomwe tinalandira kuchotsera zomwe tagwiritsa ntchito, kodi zotsalazo zili kuti? Malinga ndi pepala lanu, munalandira K24,000,000 ndipo mwagwiritsa ntchito K23,300,000, ndiye kuti payenera kutsala K700,000. Kubanki kuli K380,000, m'kabokosi muli K70,000, zonse pamodzi K450,000. K250,000 inayo ndi adivansi yomwe wogwira ntchito kumudzi anatenga ndipo sanabweretse malisiti ake.

Apa ndi pomwe mabungwe ang'onoang'ono ambiri amapunthwa. Ndalama ya adivansi imatuluka m'bokosi, mlembi n'kuilemba ngati yagwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo. Koma adivansi si ndalama yogwiritsidwa ntchito mpaka malisiti, kapena mndandanda wa anthu osainira alawansi, utabwera ndi chenji chake. Mwachita bwino kuti simunaisakanize. Muitanitseni munthuyo sabata ino. Akabweretsa malisiti a masiku a mkati mwa miyezi isanu ndi umodziyi, ndalamayo ilowe pa mzere wake ndipo ziwerengero zisinthe moyenera. Akapanda kubweretsa, ilembeni poyera monga adivansi yosabwezedwa, ndi tsiku lomwe inatengedwa. Ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba zimasokonezanso chimodzimodzi, chifukwa uthenga wa pafoni umangoonetsa kuti ndalama inapita, osati chomwe inagula. Pambali pa uthengawo pakhale vocha yosainidwa, ndipo ndalama zomwe amadula potumiza ndi potapa zilembedwe pazokha, apo ayi mabuku anu adzasiyana ndi banki ndi timasauzande tosadziwika kochokera.

Mukatero, ikani mzere uliwonse wa bajeti pambali pa zomwe mwawononga. Mu Excel, bajeti ikakhala mu B ndipo zogwiritsidwa ntchito zili mu C, kusiyana kwake mu peresenti kumapezeka motere:

```
=(C2-B2)/B2*100
```

Malipiro a ogwira ntchito, K5,400,000, atuluka ndendende. Za muofesi munaika K1,800,000 ndipo mwagwiritsa ntchito K1,730,000. Mizere iwiriyi siifuna ndemanga. Itatu inayo ndiyo nkhani yanu yonse.

Mafuta ndi maulendo munaika K2,400,000 koma mwawononga K3,120,000, kupyola ndi K720,000, yomwe ndi 30 peresenti. Ngati pangano lanu lili ndi malire a 10 peresenti ndipo simunapemphe chilolezo, nenani choncho m'chiganizo chimodzi, fotokozani chomwe chinachititsa, ndipo pemphani kuti avomereze ngakhale ndalamazo zagwiritsidwa kale ntchito. Musasamutsire malisiti a mafuta ku mzere wa maphunziro pofuna kuti ziwerengero zioneke zosalala. Odita, munthu wofufuza mabuku a ndalama, akabwera amatsegula fayilo ya maphunziro n'kupezamo lisiti la pamalo omwetsera mafuta la tsiku lomwe kunalibe maphunziro, ndipo kupyola bajeti komwe kukanakhululukidwa kumasanduka chinyengo. Dziwaninso kuti madona ali ndi ufulu wokana ndalama yopyola malireyo n'kunena kuti bungwe liibweze kuchokera kwina. Ndi bwino bodi yanu idziwe zimenezi lipoti lisanapite.

Maphunziro a makomiti munaika K3,600,000 ya makomiti 12, koma mwagwiritsa ntchito theka, K1,800,000, pophunzitsa 6. Kutsala kwa ndalama pa mzere si chinthu chonyadira mu lipoti. Apa kukutanthauza kuti mijigo itatu mwa 9 yokonzedwayo ili m'manja mwa makomiti osaphunzitsidwa, ndipo wowerenga watcheru adzaona msanga kuti ndalama ya maphunziro ndi yomwe yalipira mafuta ndi zipangizo. Muyambe ndinu kunena.

Mzere umene ndikufuna muuyang'anitsitse ndi wa zipangizo za mijigo. Bajeti inali K10,800,000, mwawononga K11,250,000, kupyola ndi 4 peresenti yokha. Pongoyang'ana tebulo, mzerewu ukuoneka kuti ulibe vuto. Koma bajetiyo inali ya mijigo 12 pa K900,000 uliwonse, pamene K11,250,000 yakonza mijigo 9, ndiye kuti uliwonse wadya K1,250,000. Mtengo wa mjigo umodzi wakwera ndi pafupifupi 39 peresenti. Chiwerengero chimenechi ndi mtima wa lipoti lanu, chifukwa ndicho chikufotokoza momwe mwathera 97 peresenti ya ndalama pa magawo atatu mwa anayi a ntchito. Lipoti likangoti "mitengo ya zinthu inakwera", wowerenga sakhala ndi pogwira. Ligaweni vutoli pawiri. Tengani kotesheni yomwe munagwiritsa ntchito polemba bajeti ndi invoisi ya posachedwapa ya zinthu zomwezo, muonetse kuti paipi imodzi kapena ndodo imodzi inali zingati ndipo tsopano ili zingati. Kumeneko ndi kukwera kwa mitengo, komwe sikunali m'manja mwanu. Kenako onani ngati panali mijigo yomwe munaganiza kuti ikufuna marabala ndi mabeyaringi okha, koma amakaniki atazula anapeza mapaipi ong'ambika, ndodo zodyeka ndi dzimbiri kapena silinda yofunika kusinthiratu. Kumeneko ndi kuperewera kwa kafukufuku woyamba, komwe kunali m'manja mwanu. Madona amazimva mosiyana zifukwa ziwirizi, ndipo amakhulupirira kwambiri lipoti lomwe lazilekanitsa lokha.

Pangano lanu ndi la makwacha, koma ndinenepo pang'ono za omwe thandizo lawo limawerengedwa m'madola kapena m'mapaundi. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pafupifupi 1,700. Bungwe lolandira madola limapeza makwacha ochuluka zikatero, pamene lolandira makwacha limangoona zipangizo zochokera kunja zikukwera. Lipoti linene mtengo wosinthira womwe wagwiritsidwa ntchito ndi tsiku lake, ndipo makwacha oonjezera obwera chifukwa cha kusinthako asagwiritsidwe ntchito madona asanavomereze.

Tsopano zotsatira. Malipoti ambiri amadzaza masamba ndi zomwe bungwe linachita: tinapita, tinakumana ndi mafumu, tinachititsa msonkhano, tinakonza. Zimenezo ndi ntchito. Mijigo 9 yokonzedwa ndi makomiti 6 ophunzitsidwa ndi zomwe ntchitoyo yatulutsa. Koma chomwe madona anaperekera ndalama ndi chakuti anthu azitunga madzi abwino pafupi, lero ndi mawa lomwe. Ndiye funso la gawoli ndi lakuti, mwa mijigo 9 ija, ingati ikutulutsa madzi pa tsiku lomwe mukulemba lipoti? Yankho lake silipezeka muofesi. Patulani masiku awiri kapena atatu, wina ayendere mijigo yonse ndi ndowa ya malita 20 ndi pepala limodzi la mafunso ofanana. Pa mjigo wa Afridev, womwe ndi wofala m'midzi yathu, kupopa mokwanira maulendo 40 m'mphindi imodzi kumayenera kutulutsa madzi pafupifupi malita 16. Akachepa kwambiri, pali pomwe pakudontha kapena rabala yatha, ndipo mjigowo usalembedwe kuti uli bwinobwino. Woyenderayo afunsenso kuti chikonzereni mjigowo wafapo kangati, unakhala masiku angati usanadzuke, anaukonza ndani, ndipo m'thumba la komiti muli ndalama zingati. Aone buku la komitiyo ndi maso ake, asangomva za pakamwa.

Tiyerekeze kuti wapeza mijigo 8 ikugwira ntchito, umodzi wafa milungu itatu yapitayo, ndipo wakufawo ndi umodzi mwa itatu ya makomiti osaphunzitsidwa. Lembani momwemo. Chiganizo chonena kuti "pa tsiku lakutilakuti tinayendera mijigo yonse 9, ndipo 8 inali kutulutsa madzi" chili ndi mphamvu kuposa ndime yonse yothokoza, chifukwa chili ndi tsiku, chiwerengero ndi njira yomwe munadziwira. Koma musathamangire kunena kuti mjigowo wafa chifukwa chosowa maphunziro. Mjigo umodzi sungatsimikizire zimenezo. Nenani kuti ndi chomwe mukukayikira ndipo mudzachiyang'anira m'miyezi ikubwerayi.

Chiwerengero cha anthu opindula ndi pena pofunika kusamala. Muyezo womwe boma limagwiritsa ntchito ndi anthu 250 pa mjigo umodzi, ndipo pamakhala chiyeso chongochulukitsa 250 ndi 9 n'kulemba kuti anthu 2,250 apindula. Muyezowo ndi wokonzera mapulani, si kalembera. Mjigo wina umatumikira mabanja makumi atatu, wina wa pafupi ndi sukulu kapena msika umatumikira anthu ochuluka kwambiri. Tengani mayina a mabanja m'buku la zopereka la komiti, muwayerekeze ndi kaundula wa nyakwawa kapena wa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndipo banja lotunga pa mijigo iwiri liwerengedwe kamodzi. Ngati fomu ikufuna kulekanitsa amayi, abambo, ana ndi anthu aulumali, koma inu muli ndi chiwerengero cha mabanja chokha, perekani chomwe muli nachocho n'kufotokoza kuti cha anthu mwachipeza pochulukitsa ndi chiwerengero chanji. Chiwerengero chomwecho chioneke chimodzimodzi pa tsamba loyamba, m'tebulo ndi m'nkhani. Zimachitika kawirikawiri kuti tsamba loyamba likuti mabanja 410, tebulo likuti 395, chifukwa wina anakonza pamodzi n'kuiwala pena.

Pewaninso kunena kuti matenda otsekula m'mimba achepa chifukwa cha ntchito yanu, pokhapokha pangano litakupemphani kuyeza zimenezo ndipo munatenga ziwerengero za kuchipatala ntchito isanayambe. Matendawa amakwera m'dzinja n'kutsika m'chilimwe paokha, ndiye kuyerekeza Febuluwale ndi Ogasiti sikukuuzani kanthu za mjigo. Chomwe mungayeze mosavuta ndi nthawi. Ngati amayi a m'mudzi wina ankatunga kudambo, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera, ndipo tsopano akutha mphindi khumi ndi zisanu, funsani amayi angapo pa mjigo uliwonse ndipo mulembe kuti munafunsa angati. Nkhani imodzi ya munthu weniweni imathandiza, koma ikhale yaifupi, m'mawu ake, ndipo akhale atavomera kuti dzina ndi chithunzi chake zituluke. Kwa ana, chilolezo chichokere kwa makolo.

Mijigo itatu yosakonzedwayo ipatseni ndime yakeyake. Tchulani midzi yake, chifukwa chomwe inatsalira, ndi zomwe anthu a kumeneko anauzidwa. Anthuwo analonjezedwa pamaso pa mafumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo madona akadzabwera kudzayendera akhoza kukafika komweko.

Gawo la zomwe mwaphunzira ndi lomwe limalembedwa usiku womaliza, ndipo n'chifukwa chake limadzaza ndi mawu ngati "taphunzira kuti kugwirizana ndi anthu a m'mudzi n'kofunika". Chiganizo chotere chingalowe mu lipoti la mbuzi, la nkhalango kapena la sukulu ya mkaka osasintha liwu, ndipo wowerenga amangochidumpha. Phunziro lenileni limayankha mafunso anayi motsatana: timayembekezera chiyani, chinachitika n'chiyani, chifukwa chiyani, ndipo tisintha chiyani kuyambira liti. Kuchokera m'ziwerengero zanu, phunziro loyamba lingalembedwe motere: "Tinaika K900,000 pa mjigo uliwonse potengera zomwe makomiti anatiuza ndi zomwe tinaona kunja kwa mjigo. Titazula mapaipi tinapeza kuti ina inawonongeka kwambiri mkati. Kuyambira mwezi wamawa, mjigo uliwonse uzizulidwa ndi kuunikidwa ndi makaniki wa m'dera tisanagule chipangizo chilichonse, ndipo tizigula potsata mndandanda wake." Onetsetsani kuti zomwe mukulembazo ndi zomwe zinachitikadi kwanuko, ine ndangoonetsa kamangidwe kake.

Lachiwiri likuchokera pa mafuta. Tsegulani buku la maulendo a galimoto kapena njinga yamoto, muwerenge kuti mjigo umodzi munaupitira kangati. Kawirikawiri mafuta amathera pa maulendo obwereza: tsiku lina kukaona, lina kukasiya zipangizo, lina kubwerera chifukwa chipangizo china chinaperewera, linanso kukaphunzitsa komiti. Ngati ndi momwemo, phunziro lake ndi kukonza mijigo yoyandikana pa ulendo umodzi ndi kuphunzitsa komiti sabata yomweyo yomwe mjigo ukukonzedwa, mamembala akuona mapaipi akuzulidwa. M'gawo la zomwe mwaphunzira, maphunziro awiri kapena atatu otere akwana. Ndipo njira yabwino yowapezera ndi kukhala pansi ola limodzi ndi ogwira ntchito kumudzi ndi amakaniki, kukambirana m'Chichewa momasuka, mlembi akulemba. Ngati lipoti likufunika m'Chingerezi, kumasulira kubwere pambuyo. Amene anagwira mapaipi ndi amene akudziwa pomwe panavuta.

Zonsezi zikutifikitsa pa chinthu chomwe simunafunse koma ndi chachikulu kuposa zonse: kodi mijigo 24 ikadali yotheka? Yatsala 15. Pa mtengo wa K1,250,000 ikufuna K18,750,000, pamene gawo lachiwiri, likafanana ndi loyamba, lili ndi K10,800,000 ya zipangizo. Kuperewera kwake ndi K7,950,000. Ndalama yomwe ilipoyo ingakonze mijigo 8, ndiye kuti chaka chidzatha ndi 17. Chonde musalembe kuti "tidzayesetsa kukwaniritsa zotsalazo m'gawo lachiwiri". Mawu amenewo amakankhira vuto ku lipoti lomaliza, pomwe sipadzakhalanso nthawi yokonza kanthu. Apatseni madona njira zoti asankhepo, ndipo munene yomwe inu mukuikonda. Njira ina ndi kutsitsa cholinga kufika pa 17 bajeti osaisintha. Pamenepo makomiti ofunika maphunziro adzakhala 11, atsopano 8 ndi otsala atatu aja, ndipo pa K300,000 iliyonse ndi K3,300,000, yomwe ikukwana mu K3,600,000 ya mzerewo. Njira ina ndi kupempha ndalama zoonjezera kuti 24 ikwane, ngakhale madona ambiri sakhala ndi ndalama zapadera pakati pa chaka. Yachitatu ndi kuunika mijigo 15 yonseyo kaye n'kuyamba ndi yotsika mtengo kuti chiwerengero chikwere, koma dziwani kuti njirayi imasiya midzi yomwe mijigo yake inawonongeka kwambiri, yomwe mwina ndi yomwe yavutika nthawi yaitali. Ine ndingakulangizeni yoyamba, yophatikiza ndi kuunika mijigo musanagule zipangizo, chifukwa mijigo 17 yokhala ndi makomiti odziwa kuisamala idzatumikira anthu nthawi yaitali kuposa 24 yokonzedwa mothamanga. Mndandanda wa midzi yomwe itsale mugwirizane ndi ofesi ya zamadzi ya kwa DC ndi komiti ya chitukuko ya m'dera, kuti chisankhocho chisaoneke ngati cha bungwe lokha.

Nkhani imeneyi madona asaione koyamba mu lipoti. Imbirani foni kapena lemberani imelo munthu amene amayang'anira thandizo lanu sabata ino, mumuuze mwachidule kuti mwakonza 9 mwa 12, mtengo wa mjigo wakwera, mafuta apyola malire, ndipo lipoti lidzabwera ndi pempho losintha cholinga. Mufunseni ngati pempholo lilowe mu lipoti kapena likhale kalata yapadera ndi bajeti yokonzedwanso, chifukwa madona ambiri amafuna kalata. Chilichonse chomwe mwagwirizana pafoni, chitsatireni ndi imelo tsiku lomwelo.

Posanja lipotilo, ngati palibe fomu, masamba asanu kapena asanu ndi limodzi akwana, osawerengera zomata kumbuyo. Tsamba loyamba likhale ndi dzina la pulojekiti, nambala ya pangano, miyezi yomwe lipoti likukamba, ndi chidule cha theka la tsamba. Chidulechi chilembeni pomaliza, koma dziwani kuti akuluakulu ena adzawerenga chokhachi, ndiye chinene zonse zolemera: mijigo 9 mwa 12, ingati ikugwira ntchito, mabanja angati, K23,300,000 mwa K24,000,000, chifukwa chachikulu, ndi pempho lanu. Kenako pabwere tebulo la zolinga loonetsa cholinga cha chaka, cha miyezi isanu ndi umodzi, zomwe zakwaniritsidwa ndi komwe umboni uli. Pambuyo pake nkhani ya zotsatira, zovuta, tebulo la ndalama ndi ndemanga za mizere itatu ija, zomwe mwaphunzira, ndi dongosolo la miyezi ikubwerayi. Kumbuyo mumate sitetimenti ya kubanki, pepala loyanjanitsa mabuku ndi banki, mndandanda wa mijigo ndi midzi yake ndi masiku okonzera, mayina a ophunzitsidwa osainidwa, ndi zithunzi zochepa zolembedwa malo ndi tsiku. Malisiti enieni asachoke muofesi pokhapokha pangano litanena, tumizani makope, ndipo muwasanje potsata nambala za mavocha. Malisiti a pamakina amafufutika pakapita miyezi, choncho ajambuleni akadali ooneka.

Lipoti lisanapite, mupatse munthu amene sanalembe nawo, monga msungichuma wa bodi, kuti awerenge ndi kakyuleta. Ntchito yake ndi imodzi: chiwerengero chilichonse cha m'nkhani achipeze m'tebulo, ndipo ntchito iliyonse yotchulidwa aipezere ndalama yake. Nkhani ikati munaphunzitsa makomiti 6 kwa masiku atatu, mapepala osainira alawansi aonetse masiku atatu ndi anthu okwana makomiti 6. Wapampando asaine atawerenga, osati pakhomo la galimoto. Kumbukiraninso kuti ziwerengero zomwezi zidzalowa mu lipoti la pachaka la ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma, ngati bungwe lanu linalembetsa kumeneko, ndiye zisadzasiyane. Mukaona kuti tsiku likupyolani, pemphani masiku oonjezera tsikulo lisanafike, ndipo mutchule tsiku lenileni lomwe mudzapereke.

Pali nthawi zina zomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Mukayanjanitsa mabuku ndi banki kawiri koma kusiyana kukadalipo, pezani akauntanti wovomerezeka ndi bungwe la maakauntanti la ICAM kuti akhale nanu tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mufunseninso ngati msonkho wa ogwira ntchito ndi womwe umayenera kudulidwa polipira amakaniki ndi ogulitsa unapita ku MRA, chifukwa odita amayang'ana zimenezo. Ngati mwini adivansi ya K250,000 uja akuzemba, kapena mwapeza malisiti okayikitsa, monga manambala otsatizana a sitolo imodzi pa masiku otalikirana kwambiri, nkhaniyo ipite kwa wapampando wa bodi tsiku lomwelo, molemba. Mapangano ambiri amalamula kuti madona adziwitsidwe msanga pakakhala chikayikiro cha kusowa kwa ndalama, osadikira lipoti, ndiye werengani ndime imeneyo muone masiku omwe mwapatsidwa. Musabweze ndalamayo mwakachetechete kuchokera m'thumba mwanu pofuna kuteteza mnzanu, chifukwa ikadzadziwika dzina lanu lidzakhala pa vocha. Ndipo ngati mjigo wina wokonzedwa ukupitiriza kuuma kapena kutulutsa madzi amatope kapena amchere, vutolo lingakhale la chitsime chenichenicho osati la pampu. Itanani a ofesi ya zamadzi ya boma kuti adzaunike, ndipo zomwe apeze muzimate ku lipoti musanaikenso ndalama ina pa mjigowo.